Wabwera kumudzi, wapeza mauthenga 400: mumuuze chiyani?

Tinene kuti mnzanu wa m'komiti ya ukwati anali kumudzi komwe netiweki imavuta. Pobwera wapeza gulu la WhatsApp ladzaza, theka lake "Amen" ndi "Tamva". Musamutumizire zonse. Muuzeni zolengezedwa, zogwirizana ndi zomwe zikadali m'malere.

Zolengezedwa sizivuta: msonkhano uli Loweruka 2 koloko. Koma werengani mpaka pansi, poti tsiku lolengezedwa m'mawa limatha kusintha usiku, mwinanso mu uthenga wa mawu womwe ambiri sanaumvere.

Pamene anthu amaphonya ndi pa zogwirizana. Wina akalemba kuti "tizisonkha K20,000", anthu asanu n'kuika chala chovomera, amenewo akadali maganizo chabe. Chimakhala chigamulo wapampando akatseka nkhani, kapena msungichuma akayamba kulandira ndalamazo. Mukalemba maganizo ngati chigamulo, mnzanuyo atumiza ndalama yolakwika, mkangano n'kubuka. Tchulaninso amene wasenza ntchito iliyonse ndi tsiku lomaliza.

Mafunso osayankhidwa amakwiririka pansi pa nthabwala. Fufuzani mawu ngati "nanga" ndi "kodi". Mupeza kuti za galimoto ya akwati anafunsa Lachiwiri, ndipo mpaka pano palibe wayankha. Lembani choncho, osayankhira komiti.