Chifukwa Chiyani Munayamba ndi Shuga?

Aliyense wophunzira unamwino, kaya ku Kamuzu University of Health Sciences kapena kumakoleji a mishoni, amafika tsiku loti aime pamaso pa anzake ndi aphunzitsi n'kufotokoza za wodwala mmodzi amene anamusamalira muwodi. Amanena mmene wodwalayo anafikira, zimene anapeza atamuyeza ndi zimene anamuchitira. Mbali imeneyi ambiri amaidutsa bwino chifukwa amailemba usiku. Thukuta limayamba akatsiriza, mafunso akayamba kugwa, ndipo mafunso abwino onse amazungulira pa chinthu chimodzi: mwa zonse zimene zinkafunika kuchitika, munayamba ndi chiti, ndipo chifukwa chake n'chiyani?

Titenge chitsanzo cha wodwala wa mtundu umene umadzaza mawodi a ana m'nyengo ya dzinja. Mwana wa zaka zitatu, wolemera makilogalamu 12, watentha thupi masiku atatu, wasiya kudya, ndipo wafika ali chikomokere, manja ndi miyendo zikugwedezeka, thovu lili kukamwa. Mayi ake akuti wayamba kugwedezeka ali m'njira, pa kabaza. M'zikhatho mwayera. Kachipangizo koyezera malungo kasonyeza kuti malungo alipo.

Wophunzira wosakonzeka amathamangira kunena kuti, "Anali ndi malungo aakulu, choncho tinamubaya atesuneti." Sananame. Koma aphunzitsi amamufunsa modekha kuti, "Pamene munkasungunula mankhwalawo, mwanayo ankapuma bwanji?" Funsoli likuchokera pa mfundo yakuti dzina la matenda si limene limalamula choyamba kuchita. Chimalamula ndi chimene chingaphe mwana msanga. Tizilombo ta malungo timatenga maola kuti tigonje ngakhale mankhwala alowe mumtsempha, pamene mwana wotsekeka pakhosi ndi malovu kapena masanzi ali ndi mphindi zochepa chabe. N'chifukwa chake anamwino amaphunzitsidwa ndondomeko yotchedwa ETAT, imene bungwe la WHO limalimbikitsa ndipo ntchito yaikulu yoikhazikitsa inachitikira pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre. Ndondomekoyi imati uyambe ndi njira ya mpweya, kenako kapumidwe, kenako kayendedwe ka magazi, ndiyeno uone za chikomokere, kugwedezeka ndi kutha kwa madzi m'thupi. Yankho loyenera ndi lakuti mwana anagonekedwa cham'mbali, malovu anayamwidwa ndi makina, ndipo anapatsidwa mpweya wa okosijeni. Mpweyawu umaperekedwa kachipangizo kapachala kakasonyeza zosafika 90, kapena mwana akamaoneka kuti akupuma movutikira.

Funso limene ine ndimaliona kuti limasiyanitsa woloweza ndi womvetsa ndi la shuga. Mwana amene sanadye, amene thupi lake likulimbana ndi malungo, shuga wake wa m'magazi amatsika mosavuta, ndipo ubongo umadalira shuga nthawi zonse. Vuto lake n'lakuti shuga wotsika amabweretsa kukomoka ndi kugwedezeka komweko kumene malungo a muubongo amabweretsa, moti ndi maso okha sungasiyanitse. Namwino akangoti ndi malungo basi, mwana akhoza kuwonongeka ubongo ndi chinthu chimene chikanatheka kukonzedwa m'mphindi zisanu. Choncho amabaya chala n'kuyeza pomwepo. Tinene kuti makina asonyeza 1.8, pamene kwa mwana wa malungo aakulu chilichonse chosafika 3 chimafuna chithandizo. Aphunzitsi amafuna wophunzira awerengetse pamaso pa onse: madzi a shuga a 10 peresenti amaperekedwa mamililita 5 pa kilogalamu iliyonse, ndiye mwana wa makilogalamu 12 alandira mamililita 60 mumtsempha. Wina m'kalasi amafunsa chifukwa chimene sanangomumwetsa madzi a shuga, popeza mayi ake anali nawo m'botolo. Mwana wokomoka sameza bwino. Madziwo angalowe m'mapapo n'kumutsamwitsa kapena kumuyambitsira chibayo. Funso lina limatsatira: munayezanso liti? Shuga amayezedwanso pakatha mphindi 30, chifukwa amatha kutsikanso, ndipo mwana ayenera kupitiriza kulandira shuga mudilipi kapena chakudya kudzera m'kapaipi kapamphuno.

Za kugwedezeka, aphunzitsi safunsa dzina la mankhwala lokha. Kugwedezeka kukapitirira mphindi zisanu, dayazepamu amaperekedwa kudzera kumatako, theka la miligalamu pa kilogalamu, ndiye kwa mwana wathu ndi mamiligalamu 6. Kukapanda kusiya pakatha mphindi 10 amabwereza kamodzi. Chifukwa chiyani kamodzi kokha? Dayazepamu amafooketsa kapumidwe, ndipo mwana amene wasiya kugwedezeka koma wasiyanso kupuma sanathandizidwe. Wophunzira ayenera kunena kuti anakhala pambali pake akuwerenga kapumidwe, chipangizo chopopera mpweya chili pafupi, komanso kuti anafunsa mayi ngati mwana anapatsidwa kale mankhwalawa kuchipatala chaching'ono chimene anadzera. Funso lomalizali ambiri amaliiwala, chonsecho yankho lake nthawi zambiri lili m'kabuku ka kuchipatala kamene mayi agwira m'manja.

Apa ndi pamene atesuneti amalowa, ndipo sachedwa, chifukwa zonsezi zimachitika m'mphindi zochepa, anthu awiri kapena atatu akugawana ntchito. Mwana wosafika makilogalamu 20 amalandira mamiligalamu 3 pa kilogalamu, ndiye 36. Amabwereza pakatha maola 12, kenako pa maola 24, ndipo mwana akayamba kumeza amamaliza ndi LA wa masiku atatu.

Pali msampha umene aphunzitsi odziwa ntchito amautchera dala. Amafunsa kuti, "Malungo apezeka, inde, koma mwadziwa bwanji kuti ndi amene amukomola?" Kwathu kuno ana ambiri amayenda ndi tizilombo ta malungo m'magazi, moti mwana akhoza kukhala nato koma chomudwalitsa chili matenda oumitsa khosi. Ndiye chifukwa chake mwana wotere kawirikawiri amayambitsidwanso mankhwala opha mabakiteriya, monga sefitiriyakisoni, kudikira kuti madzi a mumsana ayezedwe. Za kuyera kwa m'zikhatho, magazi akayezedwa n'kupezeka kuti ndi osafika 5, mwana amaikidwa magazi: mamililita 20 pa kilogalamu ngati ndi magazi athunthu, ndiye 240, pang'onopang'ono kwa maola atatu kapena anayi.

Kenako kalasi imafuna kudziwa mmene wophunzira anadziwira kuti mwana akuchira. Kunena kuti "ankaoneka bwinoko" sikuloledwa. Pali muyeso wa chikomokere umene unapangidwira ku Blantyre m'zaka za m'ma 1980, ndipo umatchedwa ndi dzina la mzindawu padziko lonse. Umayang'ana ngati maso a mwana akutsatira nkhope ya mayi ake, mmene akulirira, ndi mmene akuchitira akamva kuwawa. Wogalamuka bwino amapeza 5; wopeza 2 kapena kucheperapo ali chikomokere chenicheni. Mwana amene anali pa 2 n'kufika pa 4 atangolandira shuga wauza anamwino chimene chinamukomola. Amene watsika kuchoka pa 3 kufika pa 1 usiku akufuna kuyezedwanso shuga ndi kuitaniridwa dokotala nthawi yomweyo, osati kudikira kuti kuche.

Funso lomaliza limene ndingakonde kalasi iliyonse ifunse ndi la kusowa kwa zipangizo, chifukwa ambiri mwa ophunzirawa adzagwira ntchito kumidzi. Timapepala toyezera shuga titatha, mutani? Mwana wokomoka amapatsidwa shugayo ngakhale osayeza, popeza kumupatsa wosafunika sikuvulaza ngati kumumana wofunika. Mtsempha ukakanika kupezeka, shuga wonyowetsedwa pang'ono amaikidwa pansi pa lilime, atesuneti amabayidwa pantchafu, ndipo m'kalata yotumizira mwana kuchipatala chachikulu mumalembedwa mankhwala aliwonse amene walandira, mlingo wake ndi ola lake, kuti amene akamulandire asakabwereze dayazepamu kachitatu.