Mtengo weniweni wa ndalama ya mawa: chinsinsi chobisika m'mabondi a boma

Boma likafuna kubwereka ndalama m'dziko momwe muno, Banki Yaikulu ya Malawi imagulitsa zikalata zangongole m'malo mwake. Zina ndi mabilu a masiku 91, 182 ndi 364, omwe mumagula pamtengo wotsika n'kudzalandira ndalama yonse kamodzi pamapeto. Zina ndi mabondi a zaka ziwiri kapena kuposerapo, omwe amalipira kangachepe pakapita nthawi, kotchedwa kuponi, kenako n'kubweza ndalama yaikulu patsiku lomaliza.

Pa bondi iliyonse pamalengezedwa yilidi, nambala imodzi yosonyeza phindu la pachaka ngati mwasunga bondiyo mpaka ithe. Ambiri akamva kuti bondi ya zaka zitatu ili ndi yilidi ya 30 peresenti amaganiza kuti umenewo ndiwo mtengo wobwereketsa ndalama kwa zaka zitatu. Si choncho ayi. Bondi yotere imakulipirani katatu: chaka choyamba, chachiwiri ndi chachitatu. Yilidi imasakaniza malipiro atatuwo pamodzi ngati kuti onse ali ndi chiwongoladzanja chofanana, pomwe kwacha yobwera chaka chamawa ndi kwacha yobwera pakatha zaka zitatu sizigulidwa mtengo umodzi.

Chomwe akatswiri a za chuma amafuna ndi chiwongoladzanja cha sipoti. Ichi ndi chiwongoladzanja cha ndalama yomwe mwaipereka lero n'kudzailandira kamodzi kokha patsiku limodzi, popanda kuponi pakati. Ku America zikalata zotere za zaka zambiri zilipo pamsika: kuyambira 1985, pansi pa ndondomeko ya STRIPS, kuponi iliyonse ya bondi ya boma imatha kugulitsidwa payokha. Kumene kulibe zikalata zotere, sipoti amachita kuifukula m'mitengo ya mabondi a kuponi, ndipo njira yake amaitcha butisitirapu.

Nzeru yake ndi ya kugolosale. Mukadziwa mtengo wa shuga, ndipo mwauzidwa mtengo wa shuga ndi sopo pamodzi, mumangochotsera n'kupeza wa sopo. Mukatero, mtengo wa shuga, sopo ndi mchere pamodzi ukuuzani wa mchere. Bondi nayonso ndi mtolo wa malipiro, ndipo timayamba ndi yaifupi kwambiri n'kumakwera.

Chitsanzo cha mabondi atatu

Manambala otsatirawa ndi ongopeka kuti masamu aoneke bwino, si mitengo ya pamsika. Chikalata chilichonse chimabweza K100 pamapeto, ndipo tinene kuti kuponi imalipidwa kamodzi pachaka. Choyamba ndi bilu ya chaka chimodzi, yopanda kuponi, yogulidwa K80. Chachiwiri ndi bondi ya zaka ziwiri ya kuponi ya K20, yogulidwa K88. Chachitatu ndi bondi ya zaka zitatu ya kuponi ya K25, yogulidwa K90.

Bilu ija sivuta chifukwa ili ndi malipiro amodzi okha. Mwapereka K80, mudzalandira K100. Phindu ndi K20 pa K80, kutanthauza 25 peresenti. Imeneyi ndiyo sipoti ya chaka chimodzi. Tikaitembenuza, ikutiuzanso kuti kwacha imodzi ya chaka chamawa ikugulidwa matambala 80 lero. Musaiwale nambala imeneyi, 0.80, pakuti ndi imene tigwiritse ntchito kutsogoloku.

Bondi ya zaka ziwiri idzakupatsani K20 pakatha chaka, ndi K120 pakatha zaka ziwiri. Mtengo wa K20 yoyambayo tikuudziwa kale: K20 kuchulukitsa ndi 0.80, yomwe ndi K16. Choncho pa K88 yomwe mwalipira, K16 yagula kuponi yoyamba, ndipo K72 yotsalayo yagula K120 ya chaka chachiwiri. Tikagawa 72 ndi 120 tipeza 0.60. Kwacha yobwera pakatha zaka ziwiri ikugulidwa matambala 60 lero.

Kuti tisandutse nambalayi kukhala chiwongoladzanja cha pachaka, tifunse kuti: kodi ndi chiwongoladzanja chanji chomwe, chikaberekana kawiri, chingakweze matambala 60 kufika pa kwacha imodzi? Masamu ake ndi awa, pomwe d ndi mtengo wa lero wa kwacha imodzi, n ndi zaka, ndipo s ndi sipoti:

```
s = (1 / d)^(1/n) - 1
s2 = (1 / 0.60)^(1/2) - 1 = 0.2910
```

Sipoti ya zaka ziwiri ndi 29.10 peresenti. Yilidi ya bondi yomweyi ndi 28.69 peresenti, yotsikirapo, chifukwa yakokedwa ndi kuponi yoyamba ija yomwe chiwongoladzanja chake ndi 25 peresenti chabe.

Bondi yachitatu imalipira K25, K25 ndi K125. Kuponi yoyamba mtengo wake lero ndi K20, yachiwiri ndi K15, pamodzi K35. Tikachotsa pa K90 patsala K55, yomwe yagula K125 ya chaka chachitatu. Kugawa 55 ndi 125 kutipatsa 0.44, ndipo sipoti ya zaka zitatu ikhala 31.48 peresenti. Yilidi yake ndi pafupifupi 30.55 peresenti.

Kusiyanaku kukuoneka kochepa, koma kuli ndi mtengo wake. Tiyerekeze thumba la penshoni lomwe liyenera kulipira munthu K1,000,000 pakatha zaka zitatu. Powerengera ndi sipoti, mtengo wa lonjezoli lero ndi K440,000. Powerengera ndi yilidi ya bondi ija, litulukira pafupifupi K449,400. Pa miliyoni iliyonse pali kusiyana koposa K9,000, ndipo mathumba otere amasunga mabiliyoni.

Pali umboni winanso woti yilidi si mlingo wodalirika. Tengani bondi ina ya zaka ziwiri ya kuponi ya K40. Mtengo wake woyenera ndi K32 ya kuponi yoyamba kuphatikiza K84 ya malipiro omaliza a K140, zonse K116. Yilidi yake ndi 28.44 peresenti, pomwe ya inzake ija inali 28.69. Wobwereka ndi mmodzi, zaka n'zofanana, palibe bondi yodula kapena yotchipa kuposa inzake, koma mayilidi asiyana chifukwa cha kukula kwa kuponi basi. Sipoti ya zaka ziwiri yokha ndiyo sinasinthe.

Chiwongoladzanja cha chaka chomwe sichinafike

Mitengo itatu ija, 0.80, 0.60 ndi 0.44, ikunenanso za m'tsogolo. Munthu ali ndi K100 yomwe saifuna kwa zaka ziwiri. Akhoza kuitsekera zaka ziwiri pa sipoti ya 29.10 peresenti n'kudzalandira K166.67. Akhozanso kugula bilu ya chaka chimodzi, kulandira K125, n'kugulanso bilu ina chaka chamawa pa chiwongoladzanja chomwe adzachipeze. Kuti njira ziwirizi zifanane, K125 iyenera kukula kufika K166.67 m'chaka chachiwiri, komwe ndi kukwera ndi 33.33 peresenti. Nambala imeneyi ndiyo fowadi: chiwongoladzanja cha chaka chimodzi choyamba chaka chamawa, monga mitengo ya lero ikusonyezera. Njira yachidule ndi kugawa mitengo iwiri yoyandikana:

```
f(1,2) = 0.80 / 0.60 - 1 = 0.3333
f(2,3) = 0.60 / 0.44 - 1 = 0.3636
```

Motero chaka choyamba chili pa 25 peresenti, chachiwiri pa 33.33, chachitatu pa 36.36. Onani kuti mafowadi ali pamwamba pa masipoti. Zimakhala choncho nthawi zonse sipoti ikamakwera ndi zaka, chifukwa sipoti ndi avereji ya mafowadi, ndipo avereji singakwere pokhapokha nambala yatsopano itaiposa.

Fowadi si ulosi ayi. Ndi malire pomwe njira ziwiri zija zimafanana. Mabilu a chaka chamawa akadzapereka 30 peresenti, wotsekera zaka ziwiri wapambana. Akadzapereka 38, wapambana ndi wogula chaka ndi chaka. Mkati mwa 33.33 muli zomwe msika ukuyembekezera, komanso kenakake kowonjezera komwe obwereketsa amafuna kuti avomere kutsekera ndalama nthawi yaitali, poopa kukwera mitengo kwa zinthu kapena kugwa mphamvu kwa ndalama. Masamu a butisitirapu sangalekanitse ziwirizi.

Pomwe zimalakwikira

Vuto lalikulu la njirayi n'lakuti sitepe iliyonse imatsamira pa yam'mbuyo. Tinene kuti bondi ya zaka ziwiri ija yatha milungu osagulitsidwa, ndipo mtengo womwe tatenga ndi wakale, K89 m'malo mwa K88. Mtengo wa kwacha ya chaka chachiwiri ukwera kufika 0.6083, ndipo sipoti yake itsika kufika 28.21 peresenti. Cholakwachi chilowanso m'bondi yachitatu ngakhale mtengo wake ndi wolondola, moti sipoti yake ikhala 31.64. Koma ovulala kwambiri ndi mafowadi: yachaka chachiwiri itsika kuchoka pa 33.33 kufika 31.51, yachitatu ikwera kuchoka pa 36.36 kufika 38.78. Kwacha imodzi yokha yasuntha fowadi ndi mapointi oposa awiri.

Apa ndiye pali chizindikiro chodziwira. Mukaona fowadi imodzi yatsika mwadzidzidzi, yotsatira n'kulumpha, kaikirani mtengo wa bondi yomwe ili pakati pawo musanayambe kufotokoza za chuma cha dziko. Mukaonanso kwacha ya chaka chakutali ikudula kuposa ya chaka chapafupi, fowadi ikhala pansi pa ziro, ndipo pamsika wa chiwongoladzanja chokwera chimenecho ndi cholakwa ndithu. Misika yomwe ogula amasunga mabondi mpaka mapeto osagulitsana imavutika kwambiri ndi mitengo yakale yotere.

Chachiwiri ndi mtengo womwe mwalowetsa m'masamu. Bondi ikagulitsidwa pakati pa masiku a kuponi, wogula amalipiranso gawo la kuponi lomwe wogulitsa waunjika kale. Butisitirapu imafuna ndalama yonse yotuluka m'thumba, osati mtengo wolembedwa wokha. Chimodzimodzi pa bilu: kugula K100 pa K80 ndi kuchotseredwa 20 peresenti, koma chiwongoladzanja chake ndi 25. Mabondi ambiri amalipiranso kuponi kawiri pachaka, choncho masitepe amakhala a miyezi isanu ndi umodzi, ndipo manambala a mitundu iwiriyi sayenera kusakanizidwa.

Chachitatu ndi mipata. Pakakhala bondi ya zaka zitatu ndi ya zaka zisanu koma ya zinayi palibe, pali nambala ziwiri zosadziwika pa mtengo umodzi. Woŵerengera amayenera kusankha yekha momwe alumikizire mpatawo, ndipo fowadi yomwe ituluke pamenepo idzadalira kusankha kwakeko. N'chifukwa chake mabanki aakulu ambiri amajambula mzere wosalala wodutsa pakati pa mitengo yonse, potsata njira ya Nelson ndi Siegel ya 1987 kapena ya Svensson ya 1994, yomwe inaikulitsa.

Pali mayeso amodzi osafuna ukatswiri. Mukamaliza, chulukitsani malipiro a bondi iliyonse ndi mitengo ya kwacha yomwe mwapeza, ndipo muone ngati ikubwezerani mtengo womwe munayamba nawo: 20, 15 ndi 55 ziyenera kupanga 90. Ngati zakana, masamu alakwika. Ngati zavomera koma mafowadi akudumphadumpha, vuto lili m'mitengo. Ndipo wina akakutsatsani bondi ya zaka zingapo pokuuzani yilidi yokha, mufunseni za kuponi, mtengo wonse wolipira ndi tsiku lomwe mtengowo udagulitsidwira komaliza.