Masekondi a pa dontho la penate

Pa 12 Febuluwale 2012, mumzinda wa Libreville ku Gabon, Zambia ndi Ivory Coast adasewera mphindi 120 popanda chigoli, ndipo chikho cha Afrika chidayenera kupeza mwini wake pa mapenate. Osewera 14 oyambirira onse adagoletsa. Kenako zinthu zidasintha. Kennedy Mweene adagwira penate ya Kolo Touré. Rainford Kalaba, amene akadangogoletsa n'kupatsa Zambia chikho, adaponya pamwamba pa golo. Gervinho nayenso adaphonya. Stoppila Sunzu ndiye adamaliza nkhani, Zambia n'kupambana 8-7.

Dontho lidali pomwepo, mamita 11 kuchokera pagolo, ndipo gololo silidachepe: mamita 7.32 m'lifupi, 2.44 kutalika. Atatu adaphonyawo sikuti luso lidawathawa. Chidasintha ndi katundu amene aliyense adasenza pochoka pakati pa bwalo.

Mantha akamugwira munthu, mtima umagunda mofulumira, amapuma mwaphumaphuma, ndipo minofu ya m'mapewa ndi m'chiuno imauma. Maso amayamba kuyendayenda, kawirikawiri n'kukatera pa goloboyi, ndipo mpira umakonda kupita kumene maso ali. Choipa china n'chakuti wosewera amayamba kuganizira mmene phazi liyenera kukhalira, chinthu chimene thupi lidazolowera kuchita lokha. Akatsamira chagada pang'ono pomenya, mpira umakwera kumwamba.

Geir Jordet, katswiri wa za maganizo a osewera wa ku Norway, adaonera mapenate ambiri a m'mipikisano ikuluikulu ndipo adapeza kuti osewera othamangira mpira wezulo ikangolira amaphonya kawirikawiri kuposa odekha pang'ono. Wamantha amafuna kuti zithe msanga. Mumamuzindikira: amaika mpira mothamanga, amafulatira goloboyi pobwerera, ndipo wezulo isanathe kulira wanyamuka kale. Komatu wezulo silamula kuti menya tsopano lino. Imangopereka chilolezo, ndipo masekondi angapo otsatirawo ndi a womenyayo.

Mankhwala ake ndi ndondomeko imodzi yosasintha, yoyambira pakati pa bwalo. Wosewera asankhiretu ngodya asanayambe kuyenda, ndipo asaisinthe ali pa liwiro, pakuti kukayika ndiko kumabala penate yofooka yolunjika m'manja mwa goloboyi. Aike mpira yekha ndi manja awiri mpaka akhutire. Abwerere chambuyo nkhope ikuyang'anabe kugolo, mapazi ake akhale chiwerengero chomwecho nthawi zonse. Wezulo ikalira, akokere mpweya m'mphuno mpaka mimba itukuke, kenako autulutse pang'onopang'ono kukamwa, kutulutsako kutenge nthawi yaitali kuposa kukoka. Kutulutsa mpweya motero ndiko kumachedwetsa kugunda kwa mtima, mapewa n'kutsika. Akatero ayang'ane malo amene wasankha, abwezere maso pa mpira, adziuze mawu amodzi okha monga "pansi", n'kunyamuka. Mawuwo anene chochita. Wodziuza kuti "ndisaphonye" wadzaza kale mutu wake ndi kuphonya.

Mu basiketibolo nzeru yake ndi yomweyi. Wopalamulidwa amaima pamzere, pafupifupi mamita 4.6 kuchokera pabolodi, wopanda womutchinga, ndipo malamulo a FIBA amamupatsa masekondi 5 okha. Choncho ndondomeko yake ikhale yaifupi: kuponda pamalo omwewo, kudunditsa mpira mwina katatu, kutulutsa mpweya, kenako kuponya. Joan Vickers wa ku yunivesite ya Calgary ku Canada adaonetsa kuti oponya bwino amakhazika maso pa chandamale msanga ndi kwa nthawi yotalikirapo asanaponye, pamene ophonyaphonya maso awo amadumphadumpha.

Ndondomeko yongoyamba tsiku la fayinolo sithandiza, imangowonjezera zoganiza. Iyenera kuzolowereka pokonzekera, ndipo kukonzekerako kufanane ndi tsiku lenilenilo. Kumenya mapenate 20 motsatizana anzako akuseka sikuphunzitsa zambiri. Mphunzitsi aike mapenate kumapeto, miyendo italema. Aliyense ayende yekha kuchokera pakati pa bwalo, adikire wezulo, amenye kamodzi kokha, anzake akuchita phokoso, ndipo zotsatira zizilembedwa. Zolembazo n'zimene zithandize kusankhiratu omenya asanu oyamba ndi otsatira mpaka wa 11. Ku Libreville nkhani idathera pa womenya wachisanu ndi chinayi, amene adali wotchinga kumbuyo.

Zonsezi zili ndi malire. Goloboyi naye amakonzekera, ndipo penate yomenyedwa bwino imatha kugwidwa. Kupuma sikuchotsa mantha onse, kumangowachepetsa kuti phazi ligwire ntchito imene lidaphunzira. N'chifukwa chake mphunzitsi ayenera kugwirizana ndi timu masewero asanayambe kuti wophonya azikalandiridwa ndi anzake asanafike pakati pa bwalo. Womenya wotsatira amaona mmene mnzake walandiridwira, ndipo akadziwa kuti kuphonya sikumusandutsa mdani, amapita pa dontho katundu atapepukako.