Mphuno yanu si dokota: nkhani ya mpunga wa mailo

Mumudziwa uja mnyamata wa mu Chawama amene agona yekha, aphika kamodzi nkudya kawiri. Pa Sondo usiku anaphika mpunga poto yodzala, wotsala anausiya pa mbaula atavinikira bwino. Kuseni anatsegula, ananunkhiza. Palibe fungo. Anauyang'ana, ni woyera che. Anaufunditsa mpaka nthunzi, anadya, nakwera basi yopita mu tauni. Pofika 10 koloko anali kuseri kwa shopu, asanza ngati analodzedwa. Ati, "Koma sunali wosasa!"

Zoona, sunali wosasa. Vuto ili pamenepo.

Tuzilombo tumene tusasitsa chakudya, tubweretsa fungo na kutelera, kambiri si tumene tudwalitsa. Tosasitsa ni twaphokoso, tumakuchenjezani. Todwalitsa tungachuluke maningi mu mbale koma fungo, mtundu na kukoma osasintha olo pang'ono. Mphuno imagwira chakudya choola. Chakudya cha poizoni siiona.

Mu mpunga wauwisi mumapezeka kachilombo kochedwa Basilasi seriyasi. Kamadzibisa mu tumbewu tolimba, tumene madzi owira satupha. Mukaphula poto nkuisiya izizile pang'onopang'ono, tumbewu tuja tuuka, tuyamba kuswana. Tukonda kutentha kwa pakati pa madigiri 5 na 60, ndiye ganizani kichini ya malata mu Okutobala, usiku wonse. Poswana tumasiya poizoni mu mpunga, ndipo poizoni uyu saopa moto. Kufunditsa kungaphe tuzilombo, koma poizoni atsala momwemo. Ndiye chifukwa chake mnyamata uja anayamba kusanza msanga: kambiri sipapita maola 6.

Manje muchite bwanji? Siyani kufunsa mphuno, funsani nkoloko. Chakudya chophika chisakhale panja kupitilira maola awiri, ndipo ngati kwapya kupitilira madigiri 32, ola limodzi chabe. Mpunga wotsala uchotseni mu poto, muuyale mu mbale yotakata kuti uzizile msanga, mulowetse mu filiji, mudye mailo lake. Kufunditsa ni kamodzi.

Ndidziwa, mukuti nanga malaiti akayenda? Filiji yotseka isunga kuzizila maola ngati 4. Ngati anayenda kuseni nkubwera madzulo, filiji yanu inali kabati chabe. Mwina phikani wokwanira lelo.

Kulawa pang'ono "kuti nione" nakonso sikukuuzani kanthu. Fungo loipa likamveka, tayani, mphuno apo yanena zoona. Koma ikakhala zii, siinanene kuti idyani.

Kusanza kwa mpunga kambiri kumatha tsiku lisanathe, imwani madzi a mchere na shuga. Mukaona magazi, thupi kutentha, kapena madzi akana kukhala m'mimba, makamaka kwa mwana, mzimai wapakati olo nkhalamba, thamangirani ku kiliniki.