LoRa: chifukwa chake uthenga umathamanga padambo koma n'kufooka m'tauni

Tiyerekeze kuti muli ndi thanki yamadzi kumunda, makilomita awiri kuchokera kunyumba, ndipo mukufuna kudziwa mlingo wa madzi osapitako. Kumundako netiweki ya foni n'njovuta, ndipo Wi-Fi imathera pakhonde pomwepa. Apa ndi pamene LoRa imagwira ntchito: ndi njira ya wailesi yotumizira mauthenga aafupi kwambiri pa mtunda wautali, pogwiritsa ntchito moto wochepa wa batire. Inayambitsidwa ndi kampani ya Cycleo ya ku Grenoble, m'dziko la France, yomwe Semtech ya ku America inagula mu 2012. Chithunzi kapena mawu sizingadutsepo, koma manambala ochepa ochokera pa sensa amadutsa bwino lomwe.

Ogulitsa amakonda kulemba kuti zida zawo zimafika makilomita 10 kapena 15. Sanama kwenikweni, koma sanena kuti anayesera pati. Zida zomwezo zikalowa pakati pa nyumba zimatha kulephera kilomita imodzi isanakwane. Kusiyanaku munthu angathe kukuyeza yekha, ndipo akamvetsa gwero lake amadziwa pomwe ayenera kuika ndalama ndi mphamvu zake.

Zofunika kukhala nazo

Pamafunika mabolodi awiri ofanana, lina lotumiza, lina lolandira. Opezeka kwambiri ndi aja okhala ndi ESP32 pamodzi ndi kachipu ka wailesi ka SX1276, monga TTGO LoRa32 kapena Heltec WiFi LoRa 32 V2. Lotumizalo mumalumikiza ku sensa ndi batire. Lolandiralo ku kompyuta kapena kungowerenga pa kagalasi kake.

Zida izi zimapangidwira mafunde osiyanasiyana: 433, 868 kapena 915 MHz. Ku Ulaya ndi m'maiko ambiri a mu Africa amagwiritsa ntchito 868, pomwe 915 ndi ya ku America. Musanagule, fufuzani zomwe malamulo akwanu amalola. Ku Malawi woyang'anira mafunde ndi MACRA, ku Zambia ndi ZICTA. Eriyo nayo iyenera kugwirizana ndi mafundewo. Ya waya umodzi woongoka imakhala pafupifupi masentimita 8.6 pa 868 MHz, koma masentimita 17 pa 433. Mukasokoneza ziwirizi, zida zimamvana zili patebulo limodzi koma zimasiyana mukangotuluka pageti. Ndipo musayatse bolodi lotumiza eriyo isanamangidwe, chifukwa mphamvu yosowa kotulukira imabwerera m'kachipu n'kukawononga.

Kuti ziwirizi zimvane

Mabolodi amamvana pokhapokha atatcheredwa mofanana. Pa Arduino, pogwiritsa ntchito laibulale yotchedwa LoRa, mizere iyi imalembedwa mbali zonse ziwiri, mutatchula kale mapini a bolodi lanu ndi `LoRa.setPins()`:

```
LoRa.begin(868.3E6);
LoRa.setSpreadingFactor(7);
LoRa.setSignalBandwidth(125E3);
LoRa.setTxPower(14);
LoRa.enableCrc();
```

Laibulale imeneyi imayendetsa machipu a mtundu wa SX1276 okha. Mabolodi atsopano okhala ndi SX1262, monga Heltec V3, amafuna ina, monga RadioLib.

Mzere wofunika kuumvetsa ndi wachiwiriwo, womwe mwachidule amati SF, ndipo kawirikawiri umakhala pakati pa 7 ndi 12. LoRa imatumiza uthenga ngati kulira kwa mluzu kokwera kuchokera pansi kupita pamwamba, ndipo SF ndiyo imanena kutalika kwa kulira kulikonse. Zili ngati kuitana munthu amene ali kutsidya kwa dambo: mukalankhula mothamanga sakumvani, koma mukakoka mawu amamva, ngakhale simunawonjeze mphamvu. Pa SF7 wolandira amamva mpaka pafupifupi -123 dBm. Pa SF12 amafika cha m'ma -137 dBm. Manambalawa akamatsikira kumunsi kwa ziro ndiye kuti mafunde afooka kwambiri, choncho SF12 imamva zofooka kuposa SF7 ndi madesibelo 14.

Phindu limeneli lili ndi mtengo wake. Uthenga wa zilembo 10 umatenga pafupifupi mamilisekondi 41 pa SF7, koma pa SF12 umatenga sekondi yathunthu. Batire imatha msanga, komanso malamulo amalowererapo: ku Ulaya, pa gawo ili la mafunde, chida chimaloledwa mphamvu ya 14 dBm, yomwe ndi mamiliwati 25, ndi kulankhula masekondi 36 okha pa ola. Potsatira muyezo umenewu, pa SF7 mungatumize masekondi asanu alionse, koma pa SF12 muyenera kudikira pafupifupi masekondi 100.

Kayesedwe kake

Kuyesa kwabwino kumafuna kuti chisinthe chinthu chimodzi chokha, chomwe ndi malo. Mangani bolodi lotumiza pamtengo, mamita 1.5 kuchokera pansi, eriyo itaimirira chilili. Uthenga uliwonse ukhale ndi nambala yake, 1, 2, 3 mpaka mtsogolo, kuti wotayika uziwoneka. Kenako tengani lolandira, muziyenda nalo n'kumaima pa mamita 250, 500, 1,000 ndi 2,000, mtunda mukuwerenga pa GPS ya foni. Musayambire pafupi kwambiri. Zida zikagundizana mafunde amachulukitsa ndipo manambala amasokeretsa.

Pamalo palipose dikirani mauthenga 20, ndipo mulembe zinthu zitatu: afika angati, RSSI yake, ndi SNR yake. Ziwiri zomalizazi zimachokera ku `LoRa.packetRssi()` ndi `LoRa.packetSnr()`. RSSI ndi mphamvu ya mafunde ofika. SNR imanena ngati uthenga uli pamwamba kapena pansi pa phokoso la mumlengalenga. Chodabwitsa cha LoRa n'chakuti imamva ngakhale uthenga utamira m'phokoso: SF7 imapirira mpaka SNR ya -7.5, SF12 mpaka -20. Ndiye mukayandikira kumalire muziyang'ana kwambiri SNR, chifukwa RSSI ikafika cha m'ma -120 sisinthanso bwino.

Gwirani bolodi pamsinkhu womwewo nthawi zonse, eriyo ili chilili, ndipo thupi lanu lisakhale pakati pa zida ziwirizo, popeza nalonso limatchinga mafunde. Mukamaliza pabwalo, bwerezani zomwezo m'dera la nyumba zambiri.

Pabwalo: mdani ndi nthaka

Tibwerere ku thanki ija tiwerengetsere. Kukanakhala kuti mafunde akuyenda m'mwamba mopanda chilichonse, akanataya madesibelo 91 pa kilomita yoyamba, kenako 6 okha mtunda ukawirikiza kawiri. Pa makilomita awiri tikanawerenga pafupifupi -83 dBm. Koma pansi pano sizitero, ngakhale padambo loti see.

Chifukwa chake n'chakuti mafunde sayenda mu kamzere kopyapyala ayi. Amafuna mpata wotambasuka mozungulira mzere wolunjika, womwe akatswiri amautchula ndi dzina la Fresnel, wasayansi wa ku France. Pa makilomita awiri ndi 868 MHz, mpatawu pakatikati pa ulendo umafika mamita 13 kunsi kwa mzerewo, ndipo pafupifupi mamita asanu ndi atatu a mpatawo ayenera kukhala opanda kanthu. Eriyo ikakhala pa mamita 1.5, nthaka yadya kale gawo lalikulu. Mafunde ena amanjanja pansi n'kukafika kwa wolandira motsutsana ndi olunjika aja, ndipo amafafanizana.

Masamu a mafunde awiriwa amati pa makilomita awiri, maeriyo onse ali pa mamita 1.5, tidzawerenga pafupifupi -111 dBm, ndipo mtunda ukawirikiza timataya madesibelo 12, osati 6. Motero SF7 ithera cha pa makilomita anayi, pomwe SF12 ingayandikire makilomita asanu ndi anayi ngati dziko lili lathyathyathya ndithu. Tsopano kwezani eriyo ya kuthanki pa mlongoti wa mamita asanu ndi limodzi. Masamu omwewo akubwezerani madesibelo 12, pafupifupi onse amene SF12 ikanakupatsani, koma batire osadyeka ndiponso popanda kudikira. Nsungwi yaitali ndi waya wamfupi zaposa kusintha pulogalamu. Chenjezo n'lakuti waya wautali wopyapyala wopita ku eriyo umadyanso mphamvu, choncho ndi bwino kukweza bolodi lonse m'kabokosi kosalowa madzi.

Nyengo nayo imasintha zotsatira. Madontho a mvula savutitsa kwenikweni mafunde a 868 MHz, koma masamba onyowa amatero. Mukayesa mu Okutobala minda ili mbee, dziwani kuti mu Febuluwale chimanga chidzakhala chitapitirira eriyo yanu.

Pakati pa nyumba: makoma ndi malata

M'tauni manambala satsikanso mwadongosolo. Khoma la njerwa limadya madesibelo angapo, la konkire yokhala ndi zitsulo m'kati limatha kudya oposa 10, ndipo malata sadutsika n'komwe, amangobweza mafunde. Madesibelo 14 amene pabwalo anawirikiza mtunda, kuno angathere pa makoma awiri kapena atatu.

Uthenga umafika kwa wolandira mozungulira: wanjanja padenga ili, wakhota pangodya iyo, wadutsa mumpata wa nyumba ziwiri. Mafunde obwera njira zosiyanazi penapake amathandizana, penapake amafafanizana. Popeza funde limodzi pa 868 MHz ndi lotalika masentimita 35 okha, kusuntha phazi limodzi kungasinthe RSSI kwambiri. N'chifukwa chake kuwerenga kamodzi m'tauni sikutanthauza kanthu. Pamalo palipose yesani pawiri kapena patatu motalikirana pang'ono. Mudzaonanso kuti mumsewu woongoka uthenga umafika patali, koma mukangokhotera kuseri kwa nyumba yosanja umazimiririka, ngakhale mwayandikira kwa wotumiza. Pamenepa chofunika si makilomita, koma zimene zaima pakati. Mankhwala ake ndi omwe aja: eriyo ikwere kupitirira madenga oyandikana nayo.

Manambala amaululanso gwero la vuto. Ngati palibe uthenga ngakhale umodzi zida zili m'chipinda chimodzi, mafunde, SF kapena mapini sizikugwirizana. Ngati RSSI ili kale cha m'ma -100 pa mamita 50 pabwalo poyera, kayikirani eriyo kapena polumikizira pake. Ngati RSSI ikuoneka yabwino koma SNR yatsika ndipo mauthenga akutayika, pali chida china pafupi chomwe chikuchita phokoso pa mafunde omwewo. Ndipo zonse ziwiri zikamatsika pamodzi pang'onopang'ono, mwangofika kumalire.

Malo amene uthenga womaliza wafika si pomangapo sensa. Bwererani m'mbuyo, kapena kwezani eriyo, mpaka mauthenga onse 20 azifika ndipo mwatsala ndi madesibelo osachepera 10 pamwamba pa malire a SF yanu. Pa SF7 ndiye kuti RSSI isatsike kupitirira -113. Thanki ija, pa -111, yangopulumukira pang'ono. Ndi mlongoti ifika -99, ndipo ingapirire chimanga chikakula kapena woyandikana naye akamanga mpanda wa njerwa.