Nkhani yaifupi ya usiku woti mawa ndi mayeso a anatomi

Nkhani yaifupi yonena za wophunzira udokotala wa chaka choyamba amene akulephera kugona chifukwa mawa ali ndi mayeso ake oyamba a anatomi imafuna zinthu zochepa kwambiri: munthu mmodzi, chipinda chimodzi ndi usiku umodzi. Zochitika zake n'zochepanso. Mwana wasukulu amatsegula buku, amaiwala zomwe anawerenga masana, kenako kunja kumacha. Chimene chimagwira mtima wa owerenga ndi mantha ake, ndipo manthawo amamveka oona pokhapokha wolemba akudziwa bwino chimene wophunzirayo akuopa.

Anatomi ndi phunziro la kapangidwe ka thupi: mafupa, amene munthu wamkulu ali nawo 206, minofu, mitsempha ndi ziwalo zam'kati. Pa mayeso ake pali gawo limene ophunzira amaliopa kuposa lolemba. M'chipinda mumayalidwa mafupa, zithunzi ndi ziwalo za mitembo pa matebulo ambiri, ndipo pa chilichonse aphunzitsi amabayapo kaphini kapena kumangapo kaulusi. Wophunzira amapatsidwa nthawi yochepa, mwina mphindi imodzi, kuti alembe dzina la chimene chalozedwacho. Belu likalira amasunthira patebulo lina, osabwereranso. Choncho mtsikana wa m'nkhaniyi asangonenedwa kuti akuopa mayeso. Akuopa belu, komanso kuti mtsempha umene m'buku ndi wachikasu, pa mtembo wosungidwa mu fomalini umangooneka wotuwa ngati inzake yonse.

Wolemba waluso amasankha chinthu chimodzi chimene chakana kulowa m'mutu. Chitsanzo chabwino ndi mitsempha yonyamula mauthenga kuchokera m'khosi kupita kumkono, imene ophunzira amaitcha burakiyo pulekisasi. Imayamba ndi mizu isanu, C5 mpaka T1, yomwe imalumikizana n'kukhala mathunthu atatu. Thunthu lililonse limagawika pawiri, magawo asanu ndi limodziwo n'kulukananso kukhala zingwe zitatu, zimene zimatulutsa nthambi zikuluzikulu zisanu. Ophunzira amaijambula mobwerezabwereza mpaka dzanja lizolowere. M'nkhani, mtsikanayu akhoza kuijambula ali pabedi, n'kumasokonezeka pamalo amodzimodzi nthawi zonse, pomwe magawo atatu akumbuyo amakumana. Owerenga safunikira kuloweza zonsezi. Akaona pepala lachinayi likufinyidwa n'kuponyedwa pansi, amadziwa okha kuti mtima wathawa, ndipo wolemba safunikiranso kuwauza.

Apa m'pamenenso nkhani imapezera pokhotera. Kuchokera ku chingwe chakumbuyo chija kumatuluka mtsempha wa rediyali, umene umazungulira kumbuyo kwa fupa la pakati pa phewa ndi chigongono. Fupalo likathyoka chapakati, mtsemphawo ukhoza kuvulala, dzanja n'kumangolendewera osatha kudzuka. Ngati mtsikanayu akumbukira amalume ake amene anagwa pa njinga dzanja n'kukhala choncho, chojambula chija chimasanduka munthu amene iye amamudziwa, ndipo amachimvetsa. Kusintha kotere n'kokwanira pa nkhani yaifupi.

Palinso mantha ena amene wolemba wa Chichewa sayenera kuwalambalala. Kumudzi mtembo sugwiridwa ndi wina aliyense. Ntchitoyo ndi ya adzukulu, ndipo ana saloledwa kuyandikira. Koma mwana amene wapita kukaphunzira udokotala ku Blantyre, kumene sukulu ya madokotala inayamba mu 1991, amapatsidwa mpeni kuti atumbule thupi la munthu. Fungo la fomalini limayabwa m'maso ndi m'mphuno, ndipo limakanirira m'zovala. Usiku wa mayesowo amayi akaimba foni n'kufunsa kuti, "Mwanawe, wadya?" iye amangoti, "Ndadya, amayi," osatchula zimene manja ake akhala akugwira. Kukambirana kwa mawu ochepa chonchi kumanyamula ngongole ya fizi, chiyembekezo cha mudzi wonse ndi chinsinsi chimene sangaulule.

Nkhani yotere imawonongeka m'njira ziwiri. Ina imadzaza mayina a ziwalo mpaka kusanduka kope la m'kalasi. Ina imalakwitsa sayansi, monga kunena kuti mtsempha wa rediyali ndi umene umapinda zala kuti zifumbate, pomwe ntchito yake yaikulu ndi kuongola dzanja ndi zala. Namwino kapena dokotala akawerenga zimenezo amasiyira pomwepo.

Mathero ake safunika kuulula zotsatira za mayeso, chifukwa funso la nkhaniyi ndi lakuti kodi wophunzirayu alimba mtima n'kulowa m'chipindamo. Ikafika pomwe iye wavala gawuni yake yoyera n'kuima pamzere ndi anzake, nkhaniyo yatha.