Matumba 12 a simenti ndi tsamba limodzi la mlembi

Komiti yoona za mwambo pantchito ikamaliza kumva mlandu, mlembi amatsala ndi mulu wa mapepala: kalata yoitanira wogwira ntchito, maminitsi a zonse zomwe zinakambidwa, zikalata za mboni ndi chigamulo. Bwana wamkulu amene akasaine kalata ya chilango nthawi zambiri sawerenga zonsezo. Amapempha chidule cha tsamba limodzi, ndipo tsamba lomwelo ndi lomwe limakakhala pamwamba mu failo ya munthuyo. Pakatha zaka ziwiri, a komiti ena atasamuka, aliyense wofuna kudziwa zomwe zinachitika amayambira pomwepo.

Tiyerekeze kuti pakampani ina yomanga nyumba, woyang'anira mosungira katundu waitanidwa. Buku lake likusonyeza kuti pali matumba 200 a simenti, koma owerengera katundu apeza 188. Kalata yomuitana yatchula milandu iwiri: woyamba, kuba matumba 12, wachiwiri, kutulutsa katundu popanda chikalata chosainidwa, zomwe malamulo akampaniyo amaletsa.

Mlembi wothamanga angalembe kuti: "Anapezeka wolakwa pa nkhani ya kusowa kwa simenti ndipo wachenjezedwa." Palibe bodza lenileni m'chiganizochi, komabe aliyense wochiwerenga aganiza kuti munthuyu ndi wakuba amene anamumvera chisoni. Zomwe zili m'maminitsi n'zosiyana kwambiri.

Poyamba penipeni, milandu ilembedwe monga momwe inalembedwera m'kalata yoitanira, uliwonse pawokha, ndi momwe mwini wake anayankhira. Apa mkuluyu anakana kuba, koma anavomera kuti anatulutsa simenti popanda chikalata. Mawu a mlandu sakongoletsedwa. Ngati kalata inati "kunyalanyaza ntchito", chidule chisati "kusakhulupirika". Chifukwa chake chili m'lamulo la za ntchito la m'Malawi la chaka cha 2000. Ndime 57 imati munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka, komanso asanapatsidwe mwayi wodziteteza pa zomwe akumuneneza. Munthu amadziteteza pa mlandu umene anauzidwa. Chidule chikasonyeza kuti analangidwa pa mlandu wina umene sunali m'kalata, ndiye kuti mwina mlembi waphonya, kapena komiti inalakwitsa zenizeni. Zonse ziwiri n'zofunika kuzigwira msanga. N'chifukwa chake pamwamba pa tsamba pamafunikanso madeti: tsiku lomwe analandira kalata, tsiku lomwe mlandu unamvedwa, amene anakhala m'komiti, ndiponso ngati anabwera ndi mnzake wapantchito kapena wa bungwe la ogwira ntchito.

Pa umboni ndi pomwe pali ntchito yambiri. Mlonda anauza komiti kuti Loweruka anaona lole ikutuluka ndi simenti. Buku lapageti likuonetsa nambala ya loleyo ndi nthawi, koma silikutchula chiwerengero cha matumba. Chikalata chotulutsira katundu chikunena matumba 28. Dalaivala anati anapakira 40 ndipo anakatsitsa onse kumalo komwe kampani ikumanga. Woimbidwa mlandu anafotokoza kuti folomani wakumeneko anamuimbira foni kuti aonjezere 12, chikalata adzasaina Lolemba, ndipo Lolembalo nkhaniyo inaiwalika. Folomaniyo sanaitanidwe chifukwa anali patchuthi.

Luso la mlembi likuonekera pa timawu tating'ono. "Mlonda anati anaona lole" ndi "lole inatuluka ndi simenti yobedwa" ndi ziganizo ziwiri zotalikirana. Choyamba chikunena zomwe mboni inalankhula, chachiwiri chikugamula mlandu, pomwe mlembi si woweruza. Umboni uliwonse ukhale ndi mwini wake: ndani ananena, anaona yekha kapena anangomva, ndipo pali pepala lanji lomwe likugwirizana nazo. Alembi ambiri amapereka mizere isanu ku mboni za kampani, kenaka n'kumaliza ndi mawu akuti "woimbidwa mlandu anakana". Kumeneko n'kumudula pakamwa munthu amene analankhula kwa theka la ola. Nkhani ya foni ya folomani iyenera kulowa, ndipo mfundo yoti folomaniyo sanamvedwe ilowenso, ngakhale isakomere kampani. Zomwe zingatayidwe ndi malonje, kubwerezabwereza, ndi mkangano wa mphindi khumi wokhudza yemwe amasunga kiyi wachiwiri, ngati komiti sinaugwiritse ntchito pogamula.

Tsopano zomwe komiti inapeza. Mlandu uliwonse ukhale ndi yankho lake ndi chifukwa chake. M'chitsanzo chathu mlembi wosamala angalembe motere: "Mlandu woyamba, wa kuba, sunatsimikizike. Komiti inakhulupirira dalaivala kuti matumba 40 anafika kumalo a ntchito, ndipo panalibe umboni woti woimbidwa mlandu anapindulapo kanthu. Mlandu wachiwiri unatsimikizika, chifukwa iye mwini anavomera, ndipo chikalata chikusonyeza 28 basi." Komiti yapantchito siifuna umboni wolemera ngati wa khoti la milandu yaupandu. Imayeza kuti mwa nkhani ziwirizi, yomwe ikuoneka yoona kwambiri ndi iti. Choncho mawu oti "sunatsimikizike" ndi okwanira, ndipo mlembi asaonjezere zoti munthuyo "anayeretsedwa" ngati komiti sinatero.

Vuto lomwe limachitika kawirikawiri ndi loti maminitsi amangoti "wolakwa" osapereka chifukwa. Mlembi wanzeru zake amayesedwa kuti atseke dzenjelo ndi maganizo ake. Asatero. Abweze pepalalo kwa wapampando kuti komiti ilembe yokha zifukwa zake, kapena alembe poyera kuti maminitsi sakutchula chifukwa. Ndime 61 ya lamulo lija imaika udindo pa olemba ntchito kuti apereke chifukwa chochotsera munthu ndi kusonyeza kuti anachita mwachilungamo. Chifukwa chopekedwa ndi mlembi chimaulula chokha maminitsi enieni akatsegulidwa kukhoti la milandu ya za ntchito.

Chilango chilembedwe ndendende. "Wachenjezedwa" sikokwanira. Apa ndi kalata ya chenjezo lomaliza, logwira ntchito miyezi 12 kuchokera tsiku lomwe walandira, pa mlandu wachiwiri wokha. Zomwe komiti inaganizira zitchulidwe: wagwira ntchito zaka 7 popanda chenjezo, anavomera msanga, ndipo kampani sinataye katundu. Izi sizongodzazira tsamba. Ndime 56, yomwe imatchula chenjezo lolembedwa, kuimitsidwa pantchito ndi kutsitsidwa udindo ngati zilango, imatinso poyeza ngati chilango chinali choyenera aone kukula kwa cholakwa, ntchito ya munthuyo, njira yomwe inatsatidwa, zomwe zinaonongeka ndi khalidwe lake lam'mbuyo. Ndime yomweyo imaletsa kulipiritsa chindapusa ngati chilango, ngakhale imalola kudula malipiro a masiku amene munthu anajomba popanda chilolezo, kapena ndalama zobwezera katundu amene waononga. Mlembi akaona m'maminitsi kuti "adulidwe malipiro a sabata imodzi kuti aphunzire", ayenera kuwatsina khutu akuluakulu kalata isanatuluke.

Pali kusiyana kwinanso komwe kumasochera m'zidule zambiri. M'makampani ambiri komiti imangopereka maganizo a chilango, ndipo wogamula ndi bwana wamkulu. Chidule chinene kuti ndani anapereka maganizo, ndani anavomereza, ndipo liti. Chinenenso ngati munthuyo anauzidwa za ufulu wochita apilo ndi masiku amene malamulo akampani amapereka. Chilango chikakhala kuchotsedwa ntchito, deti limalemera kwambiri, pakuti ndime 62 imapatsa wochotsedwayo miyezi itatu kuchokera tsikulo kuti akadandaule ku ofesi ya za ntchito ya m'boma lake.

Tsamba likatha, wapampando aliwerenge pambali pa maminitsi asanasaine, akuona makamaka manambala. Mu nkhani ngati iyi, 28, 40 ndi 12 zikasinthana malo, mlandu wa chikalata chosasainidwa umabwereranso kukhala wa kuba.